Kuwerenga chojambula cha mawaya a getsi loyatsidwa ndi maswichi awiri

Chipinda chogona chili ndi babu limodzi, swichi imodzi pakhomo, ina kumutu kwa bedi. Mukulowa mumayatsira pakhomo, mukagona mumazimitsira pabedi, m'mawa mungayatsire kulikonse. Maswichi ochita zimenezi ndi aja amisiri timawatcha a thuuweyi. Ntchito yake ndi yaing'ono, mawaya ake ndi ochepa, koma ndi pamene ophunzira zamagetsi ambiri amayambira kusokonezeka, chifukwa amaloweza mitundu ya mawaya m'malo mowerenga chojambula. Ine ndimaphunzitsa njira imodzi yokha: pachojambulapo ikani chala pa bureka, tsatirani waya wamoto mpaka mufike pa babu, ndipo pa swichi iliyonse muyambe mwapeza kabowo kolembedwa COM. Zina zonse zimatuluka m'menemo.

Tiyambe ndi swichiyo. Swichi wamba ili ndi timabowo tiwiri tomangira mawaya, ndipo imangolumikiza kapena kudula. Ya thuuweyi ili ndi titatu, tolembedwa COM, L1 ndi L2. Mkati mwake muli kachitsulo komangirira ku COM, komwe mbali yake inayo imagwera ku L1 kapena ku L2. Mukadina, kamachoka ku L1 n'kupita ku L2, mukadinanso kamabwerera. Palibe nthawi imene kamakhudza zonse ziwiri, ndipo L1 ndi L2 sizikhudzana zokha. Ndiye swichi imeneyi payokha ilibe malo oyaka kapena ozima. Ntchito yake ndi kusankha njira, ngati munthu woima pamphambano amene ayenera kulowera kumanja kapena kumanzere. Pachojambula imaoneka ngati kadontho kamodzi kokhala ndi kamzere kopendekera kumodzi mwa timadontho tiwiri. Kadontho kali kokhako, komwe kamzereko kamachokera, ndiye COM, ngakhale wojambula asanalembe.

Zizindikiro zina zofunika pano ndi zochepa. Babu ndi kabwalo kokhala ndi mtanda mkati. L ndi laivi, waya wamoto. N ndi nyutiro, waya wobwerera. E ndi ethi, waya woteteza. Mizere iwiri ikadutsana ndipo pali kadontho kakuda pamene yakumanapo, mawayawo ndi olumikizidwa. Ngati palibe kadontho, angodutsana basi. Kadontho kameneka kamafufutika mosavuta pa pepala lojambulidwa kangapo kapena pa chithunzi cha pafoni, choncho mukakayika musaganizire, tsatirani mzerewo muone ngati kulumikizana pamenepo kuli ndi nzeru. Mzere wa L sungalumikizane ndi wa N popanda babu pakati.

Dziwaninso pepala limene mwagwira. Pulani ya nyumba yochokera kwa wojambula mapulani imaonetsa malo a babu ndi a maswichi, kawirikawiri ndi kamzere kokhota kochokera pa swichi kupita pa babu. Kamzereko si waya, kakungonena kuti swichi iyi ndi ya babu ili. Chojambula cha mawaya ndiye chimaonetsa waya uliwonse ndi kabowo kamene ukulowa, koma sichisamala za mtunda: mzere waufupi papepala ungakhale mamita khumi m'siling'i.

Chojambula chodziwika kwambiri, chomwe chimagwirizana ndi kayendetsedwe ka mawaya amodziamodzi m'mapaipi monga timachitira m'nyumba zambiri za njerwa, ndi ichi:

```
            A                 B
         L1 o-----------------o L1
L --- COM                        COM ---(X)--- N
         L2 o-----------------o L2
```

Swichi A ndi ya pakhomo, B ndi ya pabedi. Ikani chala pa L. Moto ukuchokera pa bureka ya magetsi ounikira, yomwe nthawi zambiri imakhala ya 6 A kapena 10 A, kudzera mu waya wa 1.5 mm², n'kulowa pa COM ya A. Apa chala chiyenera kusankha. Tinene kuti kachitsulo ka A kagwera ku L1. Tsatirani mzere wapamwamba mpaka L1 ya B. Ngati kachitsulo ka B nako kali ku L1, moto udutsa n'kutulukira pa COM ya B, kupita pa babu, kenako kubwerera pa N. Getsi layaka. Ngati ka B kali ku L2, moto wafika pa L1 ya B n'kuima pomwepo, chifukwa COM ya B ikuyang'ana waya wapansi umene ulibe kanthu. Getsi lazima.

Maswichi awiri, iliyonse malo awiri, ndiye kuti pali makhalidwe anayi okha. A pa L1 ndi B pa L1, layaka. A pa L1 ndi B pa L2, lazima. A pa L2 ndi B pa L2, layaka, moto ukudutsa waya wapansi. A pa L2 ndi B pa L1, lazima. Kuyaka kawiri, kuzima kawiri, ndipo kuchokera pa khalidwe lililonse, kudina swichi imodzi iliyonse kumasintha getsi. Musunge kawiri ndi kawiri kameneka, tikubwererako.

Zinthu zitatu zikuonekeratu pachojambulachi kwa amene wachiyenda ndi chala. Choyamba, nyutiro sadutsa pa swichi iliyonse. Amachoka ku bokosi la mabureka n'kupita pa babu molunjika. Chachiwiri, mwa mawaya awiri a pakatiwo, umodzi umakhala ndi moto nthawi zonse, getsi liyake kapena lizime, chifukwa COM ya A imaupereka kwa umodzi mwa iwo. Choncho bokosi la swichi B lili ndi 230 V ngakhale babu lili lozima, ndipo ambiri agwidwa ndi magetsi poganiza kuti mdima m'chipinda ukutanthauza kuti mawaya afa. Chachitatu, mukapingasa mawaya a pakatiwo, L1 ya A kupita ku L2 ya B ndipo L2 ya A kupita ku L1 ya B, palibe chimene chawonongeka. Getsi ligwirabe ntchito bwinobwino, kungoti lidzayaka maswichi akayang'ana mbali zosiyana m'malo mwa mbali imodzi. Ine ndimakonda kusiya getsi lozima maswichi onse ali m'mwamba, chifukwa anthu anazolowera kuti kudinira pansi ndiye kuyatsa, ndipo ngati zatuluka mosemphana ndimangosinthanitsa L1 ndi L2 pa swichi imodzi.

Chojambulachi chimakuuzaninso mawaya oti mukoke. M'paipi yotsikira ku A mukhala laivi, awiri a pakati, ndi ethi: anayi. Yotsikira ku B mukhala awiri a pakati, wopita ku babu, ndi ethi: anayinso. Ethi nthawi zambiri sajambulidwa pa zojambula zophunzitsira kuti pepala lisadzaze, koma amayenera kufika pa bokosi lililonse la swichi ndi pa babu, makamaka ngati bokosilo kapena chivundikiro chake ndi chachitsulo. Kusaoneka kwake papepala si chilolezo chomusiya.

Tsopano pali chojambula chachiwiri, ndipo ndi chimene chimagwetsa munthu amene analoweza kuti laivi amalowa pa COM nthawi zonse. Chimagwiritsidwa ntchito kwambiri pamene panali kale swichi imodzi ndipo mwini nyumba akufuna kuwonjezera yachiwiri. Pa bokosi lakale pali mawaya awiri, laivi ndi wopita ku babu, ndipo palibe amene akufuna kukweranso m'siling'i kukasintha za pa babu. Ndiye mmisiri amakoka mawaya atatu kuchoka pa swichi yakale kupita pa yatsopano:

```
            A                 B
L ------ L1 o-----------------o L1
        COM o-----------------o COM
N -(X)-- L2 o-----------------o L2
```

Apa laivi walowa pa L1 ya A, wopita ku babu wachokera pa L2 ya A, ndipo timabowo tofanana talumikizidwa: L1 ndi L1, COM ndi COM, L2 ndi L2. Yendaninso ndi chala. Mzere wapamwamba wonse uli ndi moto nthawi zonse, kumbali zonse ziwiri. Mzere wapansi wonse ndi wa babu. Kuti liyake, moto uyenera kutsika kuchoka pamwamba kufika pansi, ndipo mlatho wake ndi mzere wapakati. A ikakhala pa L1, imapereka moto ku mzere wa COM. B ikakhala pa L2, imautsitsira ku mzere wa babu, ndipo moto umabwerera ku A n'kukwera kupita pa babu. Layaka. Mukatembenuza, B pa L1 ndi A pa L2, moto umapita ku B pa mzere wapamwamba, kubwerera pa mzere wapakati, n'kutsikira pa A. Layakanso. Onse akakhala pa L1, mzere wa COM uli ndi moto koma palibe woutsitsa. Onse akakhala pa L2, mzere wa COM walumikizidwa ku babu koma palibe woupatsa moto. Kawiri ndi kawiri kaja kabweranso, kungoti pano limayaka maswichi akasiyana.

Mungadziwe chojambula chimene nyumba inatsatira pongotsegula maswichi n'kuwerenga mawaya, osawerengera ethi. Ngati swichi iliyonse ili ndi atatu, umodzi pa kabowo kalikonse, mwachidziwikire ndi choyamba chija. Ngati imodzi ili ndi asanu, awiri pa L1, awiri pa L2, umodzi pa COM, ndipo inayo ili ndi atatu, ndi chachiwiri. Kusakaniza ziwirizi ndi kumene kumabweretsa mavuto ambiri munthu akamasintha swichi yosweka: amachotsa mawaya onse asanawalembe, kenako n'kuwabwezera motsatira chojambula chimene chili m'mutu mwake osati chimene chili m'khoma. Jambulani chithunzi musanamasule kanthu, ndipo muziyang'ana zilembo osati malo a timabowo, chifukwa opanga maswichi saika COM pamalo amodzi. Ena ali nayo pamwamba, ena pansi, ndipo pa swichi ya mabatani awiri kapena atatu nthawi zina imodzi imakhala chadodolido poyerekeza ndi inzake.

Za mitundu ya mawaya ndinene mosamala, chifukwa apa pali ngozi yeniyeni. Kayendetsedwe ka magetsi m'nyumba zathu kanatengera ka ku Britain, ndipo kumeneko mitundu inasintha pakati pa 2004 ndi 2006. Kale laivi anali wofiira, nyutiro wakuda. Tsopano laivi ndi wabulauni, nyutiro wabuluu, ethi wobiriwira ndi chikasu. Kebulo ya mawaya atatu ndi ethi, yomwe imagwiritsidwa ntchito pakati pa maswichi a thuuweyi, kale inali ndi wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Tsopano ili ndi wabulauni, wakuda ndi wotuwa. Onani msampha wake: wabuluu m'kebulo yakale ya maswichi ndi wamoto, pamene m'mitundu yatsopano buluu ndi nyutiro. Wakuda kale anali nyutiro, m'kebulo yatsopano ya maswichi ndi wamoto. Kuno kwathu mitundu yonse iwiri imapezeka, nthawi zina m'nyumba imodzi imene inawonjezeredwa zipinda. Lamulo lake n'lakuti waya aliyense wa pa swichi amene mtundu wake si wa laivi avekedwe kachizindikiro kabulauni kapena kofiira kumapeto kwake, koma si onse amachita. Ndiye mtundu uzikupatsani poyambira kuganiza, umboni uzichokera pa chojambula ndi pa mita yoyezera. Pa zojambula ziwiri zonsezi, waya aliyense wolowa mu COM, L1 kapena L2 ndi wa mbali ya moto, kaya wavala mtundu wanji.

Nayi nkhani imene ndinakumana nayo m'nyumba ina, pa getsi la m'korido lokhala ndi swichi kumapeto kulikonse. Mwini nyumba anati swichi ya kuchipinda, tiitche B, imagwira ntchito ikafuna. Sindinayambe ndi kumasula. Ndinatenga pepala, ndinalemba makhalidwe anayi aja, n'kuyesa limodzilimodzi. A m'mwamba, B m'mwamba: lazima. A m'mwamba, B pansi: lazima. A pansi, B m'mwamba: lazima. A pansi, B pansi: layaka. Kamodzi mwa kanayi. Swichi ya kuchipinda sinali kugwira ikafuna. Inali kugwira pokhapokha A ili pansi.

Mukabwerera pa chojambula choyamba, zinthu ziwiri zingabweretse kamodzi mwa kanayi. China ndi chakuti umodzi mwa mawaya a pakati waduka kapena wasololoka pa sikuluu, kapena mbali imodzi ya mkati mwa swichi yapsa: njira imodzi yafa, yatsala imodzi, ndipo getsi liyaka pokhapokha maswichi onse asankha yamoyoyo. Chinanso ndi chakuti laivi wamangidwa pa L1 ya A, ndipo umodzi mwa mawaya a pakati walowa pa COM. Yendani ndi chala muone: A ikakhala pa L1, laivi alumikizana ndi waya uja uli pa COM, ndipo B ikausankha getsi liyaka. A ikapita pa L2, imangolumikiza mawaya awiri a pakatiwo okhaokha, laivi watsala panja, ndipo B idine mmene ingadinire sipapezeka moto. Zizindikiro zake n'zofanana ndendende, ndipo kudina maswichi sikungazisiyanitse. Chimene chimathandiza ndi funso kwa mwini nyumba: kodi linayamba lagwirapo bwino? Ngati linkagwira n'kusiya lokha, ganizirani waya womasuka. Ngati linayamba atasintha swichi, ganizirani COM. Iwo anati panabwera munthu kudzaika maswichi atsopano atapenta nyumba.

Ndisanagwire waya ndinazimitsa bureka ya magetsi ounikira, ndinayesa mita yanga pa soketi yamoyo kuti ndione kuti ikugwira, ndinayeza mawaya onse a m'bokosi la swichi poyerekeza ndi ethi, kenako ndinayesanso mitayo pa soketi ija. Kathesita kaja kooneka ngati sikuludiraiva, koyaka mukakhudza kumapeto, sikokwanira pa ntchito imeneyi. Ndipo apa ndichenjeze za vuto lathu lenileni: magetsi a ESCOM akazima, waya aliyense amaoneka wakufa, ndipo munthu amayamba kugwira ntchito bureka ili yoyatsa. Akabwera sachenjeza. Nyumba zokhala ndi invetala kapena sola nazo nthawi zambiri zimadyetsa magetsi ounikira kuchokera ku mabatire, ndiye kuzimitsa swichi yaikulu ya ESCOM sikupha mzere wa mababu. Zimitsani bureka ya mzere womwewo, yezani, ndipo uzani a m'nyumba asaikhudze.

Nditamasula A ndinapeza mawaya atatu ofiira, onse ofanana, opanda chizindikiro. Swichi yokha ndinaiyeza kaye, mita ili polira mawaya akalumikizana. COM ndi L1 inalira batani lili mbali imodzi, COM ndi L2 inalira lili mbali inayo, L1 ndi L2 sinalire konse. Swichi inali yabwino, ndipo umu ndi mmenenso mungapezere COM pa swichi yofufutika zilembo: ndi kabowo kokhako kamene kamalira ndi tinzake tonse tiwiri mosinthana. Kenako ndinapita ku B, ndinachotsa mawaya a pa L1 ndi L2 n'kuwamanga pamodzi. Nditabwerera ku A ndinayeza mawaya atatu aja awiriawiri. Awiri analira: amenewo ndiwo a pakati, ndipo kulira kwawo kunatsimikizanso kuti palibe woduka. Wotsalayo ndiye laivi, ndipo ndi amene anali pa L1. Ndinamuika pa COM, awiri aja pa L1 ndi L2, ndinamasula mfundo ya ku B n'kubwezera mawaya, ndinavundikira, ndinayatsa bureka. Kawiri ndi kawiri.

Makhalidwe anayi aja amanenanso zina. Getsi likayaka katatu mwa kanayi, kawirikawiri ndiye kuti COM yakhudzana ndi L1 kapena L2 pa swichi imodzi, mwina kudzera m'kawaya kamodzi kotuluka pambali pa sikuluu. Likayaka kanayi konse osazima, mawaya awiri a pakati akhudzana penapake, kapena babu lamangidwa pa laivi wosadutsa pa swichi. Chomalizachi chimachitika kwambiri pa rozi ya kusiling'i, kabokosi kolendewerapo babu, pamene pamakhala timagulu titatu ta timabowo: ka nyutiro, ka waya wochokera ku swichi, ndi kapakati kodutsitsira laivi kupita ku chipinda chotsatira. Kapakatiko kali ndi moto nthawi zonse ndipo waya wa babu suyenera kulowamo. Likakana kuyaka konse, yambani ndi babu, kenako laivi pa COM ya A, kenako nyutiro. Bureka ikamagwa mukadina swichi, ndiye kuti wina walowetsa nyutiro mu swichi, kapena waya wamoto wakhudza bokosi lachitsulo kapena waboledwa ndi sikuluu ya chivundikiro.

Pali kalumikizidwe kena kamene mukakaona pa pepala kapena m'khoma mukakane. Laivi ndi nyutiro onse amafikitsidwa pa L1 ndi L2 za swichi iliyonse, ndipo babu limaikidwa pakati pa ma COM awiri. Getsi limayaka ndi kuzima bwinobwino, kawiri ndi kawiri, ndiye kudina maswichi sikungakuululireni. Koma pa khalidwe limodzi lozima, mbali zonse ziwiri za choikamo babu zimakhala ndi 230 V, ndipo wosintha babu akuganiza kuti wazimitsa. Chala chimachigwira msanga cholakwikachi: mukatsatira N n'kupeza kuti walowa mu swichi, lekani pomwepo. Chimodzimodzinso nyutiro wobwereka, pamene babu latenga laivi ku bureka ina koma nyutiro ku mzere wina, zomwe zimakonda kuchitika pa masitepe a nyumba zosanja. Wogwira ntchito pa mzere wachiwiriwo akadula nyutiro angagwidwe ndi moto wochokera ku bureka imene sanazimitse. Zokonza zamtunduwu, komanso kukoka mzere watsopano, n'za mmisiri wovomerezeka ndi MERA.

Mababu a LED abweretsa funso latsopano pa maswichi amenewa. Ena amawala pang'onopang'ono kapena kuthwanima usiku atazimitsidwa, ndipo mwini nyumba amaganiza kuti mawaya analakwika. Nthawi zambiri chifukwa chake chili pa chojambula pomwepo: mawaya awiri a pakati amayenda limodzi mtunda wautali, umodzi uli ndi moto, ndipo kamoto kochepetsetsa kamadutsira ku unzake ngakhale sakukhudzana. Babu lakale la 60 W silinkamva kanthu, koma la LED la 7 W lingaonetse. Mita ya dijito nayo ingawerenge mavolti ena pa waya wozimawo pa chifukwa chomwecho. Yambani mwatsimikiza kuti swichi ikudula laivi osati nyutiro; ngati zili bwino, kusintha mtundu wa babu kawirikawiri kumathetsa.

Korido ikakhala ndi makomo atatu, maswichi a kumapeto amakhalabe a thuuweyi, ndipo pakati pamalowa swichi ya timabowo tinayi, yotchedwa intamidiyeti. Pachojambula imadula mawaya awiri a L1 ndi L2 aja, awiri kulowa, awiri kutuluka. Pa malo amodzi imawadutsitsa molunjika, pa enawo imawapingasa, kupingasa komwe tinati sikuwononga kanthu koma kumatembenuza kuyaka ndi kuzima. Makhalidwe tsopano ndi asanu ndi atatu, anayi oyaka ndi anayi ozima. Pomanga, awiri ochokera ku A alowe pa timabowo ta mbali yolowera ndipo awiri opita ku B pa ta mbali yotulukira, motsatira kapepala ka wopanga swichiyo, chifukwa zilembo za timabowo take zimasiyana malinga ndi wopanga. Pa chojambula chachiwiri chija, waya wa COM umangodutsa m'bokosi la intamidiyeti pa cholumikizira chakechake, osalowa mu swichi.